Kankhani kanga ka Tadala ndi anesi: ndionjezere kufotokoza kapena ndikasiye momwemo?

Nabanda_wakuphiri
Anzanga okonda zolembalemba, ndabwera ndi kankhani kakafupi koti mundiunikire. Ndi ka mtsikana wa Sitandade 6, Tadala, amene mlongo wake wamng'ono Yamikani, wa zaka 4, ali ndi matenda a magazi otchedwa sikoselo. Kunyumba palibe anamukhazikapo pansi kumufotokozera. Iye amangoperekeza mayi ake kukiliniki ya pachipatala cha boma n'kumaonerera zimene anesi akuchita. Mnzanga wina atawerenga wati nkhaniyi ikubisa zambiri, ndiikemo ndime yoti adokotala afotokoze matendawa kuchokera pachiyambi. Ine mtima ukukana. Ndikufuna wowerenga azizindikira zinthu limodzi ndi Tadala, osamupitirira. Nali gawo loyamba:

Tadala ankadziwa kuti tsiku la kiliniki lafika akaona mayi akupukuta kabuku ka Yamikani ndi nsonga ya chitenje n'kukaika m'jumbo. Ntchito yake inali kunyamula botolo la madzi. Pabenchi ankayang'ana ana ena amene ankadikira nawo. Angapo anali ndi maso achikasu ngati a Yamikani. Ena anali atavala majuzi dzuwa lili phwee.

Anesi anali mayi wamfupi, wosachulutsa mawu. Ulendo uliwonse ankachita zomwezomwezo, osasintha ndondomeko. Ankayamba ndi kachoyezera kutentha m'khwapa. Kenako ankatsitsa chikope cha m'munsi ndi chala chachikulu n'kusuzumira. Ankatambasula chikhatho cha Yamikani n'kuchiika pambali pa chikhatho cha mayi. Akatero ankamugoneka chagada, n'kufikisa manja awo kuti afunde, n'kuyamba kudina pamimba kuyambira m'munsi, kumka chakumanzere, mpaka pansi pa nthiti. Pamenepo ankaima. "Zala ziwiri," ankatero, n'kulemba m'kabuku. Funso lomaliza silinkasintha: "Wamwa makapu angati lero, bwana?"

Usiku wina Tadala anagona chagada pamphasa n'kudzidina pansi pa nthiti zakumanzere. Sanapezepo kanthu. Anadikira kuti Yamikani agone, n'kufikisa manja ake monga amachitira anesi, n'kudina pang'onopang'ono. Panali chinthu cholimba, chimene chinkatsika kukhudza zala zake Yamikani akakoka mpweya.

Mphunzitsi_waChichewa
Musaikemo adokotala ofotokoza, chonde. Ndime ya pamphasayo yanena zonse. Mwana wafanizira mimba yake ndi ya mlongo wake ndipo wapeza yekha kusiyana. Mukaika munthu wovala choyera kuti alankhule masamba awiri, nkhani idzasanduka kapepala kogawidwa kusikelo.

KabazaWaMchesi
Pepani kwambiri achemwali, mwanayo apeze bwino. Mwapita naye kale ku Central? Kumeneko kuli kiliniki ya ana a matenda amenewa, ndimanyamula azimayi ena opita kumeneko.

Nabanda_wakuphiri
Zikomo achimwene chifukwa cha mtima wanuwo. Yamikani ndi mwana wopeka, wa m'nkhani. Koma zimene mwanena za kiliniki ya ku Kamuzu Central n'zothandiza kwa ena amene akuwerenga.

Sekani_88
Ine ndili kumbali ya mnzanuyo. Ndawerenga kawiri ndipo sindikudziwabe chinthu cholimbacho n'chiyani. Chotupa? Chiwindi? Ngati ine munthu wamkulu ndasokonezeka, mwana wa fomu 1 amene angawerenge nkhaniyi amva chiyani?

Namwino_Wopuma
A Sekani, ndi kapamba. Ndiyankhe motalikirako, chifukwa a Nabanda alemba ndondomeko imene manja anga anazolowera, ndipo chilichonse mwa zimenezo chili ndi chifukwa chake.

Kachoyezera kutentha kamayamba chifukwa kwa mwana wa sikoselo kutentha thupi si nkhani yodikira nayo kuti kuche. Kapamba ndi amene amasefa tizilombo tina m'magazi, makamaka toyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Mwa ana awa kapamba amawonongeka adakali aang'ono kwambiri. Akhoza kukhala wamkulu, womveka ndi zala, koma ntchito yosefayo sakuigwira bwino. Ndiye mwana amene m'mawa amasewera, madzulo akhoza kukhala atafookeratu. Ife tinkauza makolo kuti kukafika pa madigiri 38, nyamukani, kaya ndi usiku. Musamupatse panado n'kugona kuti muone mawa, chifukwa panadoyo amangobisa kutenthako. Kuchipatala akamuyeza malungo n'kumuyambitsa mankhwala opha tizilombo.

Za chikope ndi chikhatho, tikuyang'ana kuyera. M'kati mwa chikope muyenera kukhala mofiirira. Tinkaika chikhatho cha mwana pambali pa cha mayi ake kuti maso akhale ndi chofanizira. Koma apa pali chinthu chimene anthu ambiri sadziwa. Mwana wa sikoselo magazi ake amakhala ochepa masiku onse. Maselo ofiira a munthu wabwinobwino amakhala masiku pafupifupi 120, pamene ake amasweka pakati pa masiku 10 ndi 20. N'chifukwa chake maso amachita chikasu, ndi zotsalira za maselo osweka aja. Choncho m'kabuku mukaona Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, ili 7 kapena 8, kwa mwana ameneyu ikhoza kukhala nambala yake ya masiku onse, ndipo amathamanga nayo bwinobwino. Chimene chimatiopsa si kuchepa kokha ayi, koma kutsika kuchokera pa nambala yake ija. Ndiye a Nabanda, kabuku kamene mayi akupukuta ndi chitenje kaja musakachotse m'nkhani. Nesi wa usiku amene sanamuonepo mwanayo alibe kwina kodziwira nambala yake ya masiku onse.

Za kapamba ndi "zala ziwiri" ndidzanena tikaona gawo lachiwiri, ndikuganiza kuti ndaona kumene nkhaniyi ikulowera.

Sekani_88
Mwaona? Zimene afotokoza amayiwa n'zimene ndimafuna zikhale m'nkhanimo.

Mphunzitsi_waChichewa
Zikhalemo, inde, koma zituluke m'zochitika. Mwachitsanzo, tsiku lina mayi aiwale kabuku, Tadala aone nkhope ya anesi ikusintha, n'kutumidwa kuthamangira kunyumba kukakatenga. Wowerenga adziwa kulemera kwa kabukuko popanda womuuza.

Mai_aKuMsika
Ine ndingofunsa. Ngati vuto ndi kuchepa magazi, bwanji m'nkhanimo mayiyo sakumuphikira chidede? Kwathu mwana akayera timamwetsa chidede, ena masamba a mapeyala owiritsa, kuonjezera mapiritsi a magazi aja amapatsa azimayi oyembekezera. Nkhani ya kumudzi yopanda zimenezi siikuoneka yeniyeni.

Namwino_Wopuma
Mayi, pa zoti nkhani ya kumudzi iyenera kukhala ndi chidede, mwalasa. Palibe banja limene ndinakumana nalo losayesapo. Chidede ngati chakumwa sichilakwika, ndi madzi amene mwanayo akufunika, ndipo kudya bwino n'kofunikadi. Koma sichichiza kuchepa magazi kwa mtundu umenewu.

Pa mapiritsi a azimayi oyembekezera mpamene ndikukanizani. Amene aja ali ndi ayironi, ndipo amathandiza munthu amene thupi lake likusowa ayironi wopangira magazi. Mwana wa sikoselo nthawi zambiri sasowa ayironi. Magazi akupanga, mwinanso kuposa ine ndi inu, kungoti akusweka msanga, ndipo ayironi wa m'maselo oswekawo amatsala m'thupi momwemo. Akamathiridwa magazi pafupipafupi, ayironi amaunjikana mpaka kuwononga chiwindi ndi mtima. Zimachitika kuti mwana wina wa sikoselo asowenso ayironi, koma zimenezo achipatala ayambe ayeza. Amene amapatsidwa masiku onse ndi foliki asidi, wothandiza thupi kupanga maselo atsopano.

Mai_aKuMsika
Komatu mwana wa mchemwali wanga anachira ndi chidede chomwecho, maso anafiira sabata imodzi.

WaLabu_Zomba
Mwina anali atangochira malungo, magazi n'kubwerera okha. Anayezedwa sikoselo?

Mai_aKuMsika
Sanayezedwe zimenezo. Ine ndikungonena zimene ndinaona ndi maso angawa.

Nabanda_wakuphiri
Chidede chilowa m'nkhani, ndichipereka kwa azakhali a Tadala. Nali gawo lachiwiri, ndadumpha pang'ono pakati:

Mwezi wa Juni azakhali anabwera kudzakhala nawo. Ataona kuti Yamikani amakodza pogona, analamula kuti dzuwa likalowa asamwenso madzi. M'mawa wachitatu anamusambitsa madzi a pachitsime, chifunga chisanachoke paphiri. Pofika masana Yamikani ankalira atagwira miyendo, osalola munthu kumukhudza. Panalibe bala, panalibe chotupa.

Kuchipatala Tadala ankayembekeza kuti anesi akalipira wina. Sanakalipe. Anamupatsa Yamikani mankhwala a madzi pa kasirinji, namufunditsa bulangete, natuma Tadala kukatunga madzi akumwa. Atabwera anamva anesi akuuza azakhali motsitsa mawu: "Kukodzako si ulesi, mayi. Impso zake sizisunga madzi. Mukamumana, magazi amavutika kuyenda. Yalani pepala la pulasitiki pansi pa chofunda, madziwo muzimupatsa."

Panapita miyezi iwiri. Loweruka lina mayi ali kumaliro, Yamikani anangokhala pakhonde osasewera. Sankalira. Thupi silinali lotentha. Azakhali anati watopa. Tadala anamutsitsa chikope. Munali moyera. Anamugoneka, nafikisa manja, nayamba kudina kuchokera m'munsi. Sanafike n'komwe pansi pa nthiti. Chinthu chija anakumana nacho pafupi ndi mchombo. Anayala zala zake: zinayi, ndipo malo anatsalabe.

Anatenga kabuku m'jumbo, nabereka Yamikani, nauza azakhali kuti amutsatire.

Atafika sanapereke moni. "Si ziwiri," anatero. "Zapitirira zinayi." Anesi anamuyang'ana kamphindi, naika pansi cholembera, naitana wa kulabu ndi mawu amene Tadala anali asanawamvepo.

Chisomo_Mzuzu
"Si ziwiri." Ndagwetsa misozi muofesi.

Namwino_Wopuma
Eya, n'zimene ndimaganiza. Chimene mwalembachi chimachitikadi, ndipo chimapha ana m'maola ochepa. Maselo ofiira a mwana wa sikoselo amapindika, ndiye amatseka njira zotulukira magazi m'kapamba. Magazi amalowa koma osatuluka, kapamba n'kufufuma, thupi lonse n'kutsala ndi magazi ochepa. Zimakonda ana osakwana zaka 5, chifukwa akamakula kapambayo nthawi zambiri amafota. Mwachita bwino kuti mwanayo asalire ndipo thupi lisatenthe, chifukwa n'chimene chimapusitsa akuluakulu. Anazolowera kuti matendawa amabwera ndi kulira.

Ngati mukufuna manambala a m'kabuku, mwana amene masiku onse amakhala pa 7.8 tsiku limenelo akhoza kupezeka pa 4.5. Kutsika ndi 2 kapena kuposa, kapamba atakula, nesi aliyense wa ana amadziwa kuti pakufunika magazi msanga. Mtima umagunda mothamanga, mwana amapuma mofulumira, manja amazizira. Magaziwo amathiridwa mosamala, osati ambiri nthawi imodzi, chifukwa kapamba akayamba kuphwa amabweza magazi amene anasunga aja. Ndipo zikachitika kamodzi zimakonda kubwereza, choncho banja limeneli liyenera kuphunzitsidwa bwinobwino asanatuluke.

Chimodzi chokha: zala za Tadala n'zazing'ono kuposa za anesi. Ziwiri za anesi zikhoza kukhala zitatu kwa iye. Muike pena pake m'mbuyomo kuti anali atayeza kale ndi zala zakezake.

Nabanda_wakuphiri
Amayi, zikomo. Zimenezi zikongoletsanso nkhani. Usiku woyamba uja apeze zitatu, adabwe kuti bwanji anesi amati ziwiri, kenako tsiku lina ayang'anitsitse manja a anesiwo.

MakeMphatso
Ndakhala chete kuwerenga. Mwana wanga ali ndi matendawa, tsopano ali ndi zaka 9. Nkhani yanu ndi yoona pa zambiri, maka za madzi ozizira. Ife Juni ndi Julayi timatenthetsa madzi tsiku lililonse, ndipo ululu ukayamba timathowa ndi nsalu yofunda, osati yozizira. Koma pali munthu amene akusowa m'nkhani yanuyi. Bambo ali kuti? Ndipo akuchimuna akuti chiyani?

Wanga anayamba ali ndi miyezi ngati 8, manja ndi mapazi kutupa, kulira usiku onse. Tinazungulira. Kwa asing'anga anamutema mphini pamimba chifukwa cha kapamba yemweyo, zipsera zilipo mpaka lero. Atapezeka ndi sikoselo, apongozi anga anati kwawo kulibe matenda otere, ndabwera nawo ndine. Anesi a kukiliniki ndi amene anaitanitsa bambo ake, n'kuwauza pamaso panga kuti mwana sangadwale matendawa pokhapokha atatengera kwa makolo onse awiri. Bambo anayezetsa, anapezeka kuti ali nako kambewuko ngati ine. Anavomereza, ndipo lero ndi amene amakumbutsa za mankhwala. Apongozi mpaka pano sakhulupirira.

Tadala wanuyo ali ndi makutu. Mawu ngati amenewa angawamve kuseri kwa nyumba, ndipo angamupweteke kuposa zonse zimene waona kuchipatala.

BamboWaAtatu
Mayi Mphatso, limbani mtima. Ine ndinamva kuti ndi mwana mmodzi mwa anayi amene amadwala. Ndiye ngati woyamba wadwala, atatu otsatirawo amakhala bwino. Tadala ndi mmodzi mwa atatuwo, palibe chifukwa choti adere nkhawa.

WaLabu_Zomba
Bambo, nambalayo mwaimva bwino koma mwaitanthauzira molakwika, ndipo maanja ambiri apwetekeka nako kumva kumeneku. Mmodzi mwa anayiyo ndi wa pa mimba iliyonse payokha. Mimba yatsopano siikumbukira zimene zinachitika pa yapitayo.

Tiyerekeze chonchi. Bambo ali ndi thumba la nyemba ziwiri, yoyera ndi yofiira. Mayi chimodzimodzi. Pa mwana aliyense, aliyense wa iwo amapisa m'thumba mwake osayang'ana, n'kutulutsa imodzi, kenako n'kuibwezeramo. Zikatuluka zofiira ziwiri, mwanayo ndi SS, amadwala. Ikatuluka yofiira imodzi ndi yoyera imodzi, ndi AS, ali nako kambewuko koma sadwala sikoselo. Zoyera ziwiri ndi AA. Ndiye banja lina likhoza kubereka ana anayi onse osadwala, lina n'kukhala ndi odwala awiri otsatizana. Ndawayeza mabanja a mitundu yonse iwiri.

Za Tadala, poti wafika Sitandade 6 osadwaladwala, n'zokayikitsa kuti ndi SS. Koma mwa ana osadwala a makolo oterewa, awiri mwa atatu amakhala AS. Zimenezi zidzamukhudza tsiku limene adzafune kukwatiwa.

BamboWaAtatu
Ndiye ngati kambewuko n'koipa chonchi, bwanji kali ndi anthu ambiri? Sikanatha bwanji?

WaLabu_Zomba
Chifukwa cha malungo. Mwana wa AS amatetezekako ku malungo aakulu, choncho kumadera a malungo ana otere ankapulumuka ambiri n'kukula n'kubereka. Koma musasokoneze: wa SS malungo amamugwetsa koopsa, chifukwa magazi ake ndi ochepa kale. N'chifukwa chake amagona m'neti chaka chonse ndipo kukiliniki amapatsidwa mankhwala oteteza malungo.

KabazaWaMchesi
Nkhani ya magaziyi yandikumbutsa. Tsiku lina ndinanyamula bambo wina usiku akuzungulira kusaka achibale oti akapereke magazi. Anthu amakana, akuti ukapereka umafooka mpaka kalekale.

Chisomo_Mzuzu
Bodza limenelo. Ine ndinayamba kupereka ndili kusekondale a Malawi Blood Transfusion Service atabwera pasukulu pathu, ndipo ndikuperekabe. Vuto n'loti magazi ambiri amachokera kwa ana asukulu, ndiye sukulu zikatsekera amachepa m'zipatala. Akuluakulu tili kuti?

Sekani_88
Akuluakulu tili pantchito. Azibwera m'misika ndi m'matchalitchi pafupipafupi, osangodalira sukulu.

Chisomo_Mzuzu
Amabwera, a Sekani. Inu munapitako?

Sekani_88
Ndidzapita akadzabweranso kwathu kuno. Koma tabwererani kunkhani, mwina Tadala apereke magazi kwa mlongo wake, mathero abwino amenewo.

Namwino_Wopuma
Sangapereke, ndi mwana. Amayambira zaka 16.

Nabanda_wakuphiri
A Make Mphatso, mawu anu andikhudza kwambiri. Bambo m'nkhaniyi ali ku Joni, amatumiza ndalama. Ndinawaika kutali dala, koma tsopano ndikuona kuti azakhali aja, poti ndi mlongo wa bambowo, ndi amene angalankhule mawu a "kwathu kulibe". Ndiye Tadala aziwamva akutsuka mbale.

Mathero amene ndili nawo pano ndi awa. Yamikani wathiridwa magazi, wagona. Anesi akulemba m'kabuku. Tadala akuwayandikira n'kutambasula chala chake, chomwe chija amabaya Yamikani, osalankhula kanthu. Anesi akupinda chalacho mofatsa n'kunena kuti, "Ubwere ndi amayi ako Lachinayi." Basi. Mukuona bwanji?

Mphunzitsi_waChichewa
Ine ndikanathera pa "Si ziwiri." Pamenepo mpamene mwana wasanduka wodziwa, ndipo anesi amuzindikira. Za chalazo ndi nkhani ina yachiwiri, ya Tadala ndi thupi lake. M'nkhani yaifupi mbuzi ziwiri sizimangidwa pachikhomo chimodzi.

MakeMphatso
Ayi aphunzitsi, chalacho chisachoke. Mwana wanga wamkulu anandifunsa funso lomwelo ali ndi zaka 11, tikuchokera kuchipatala. Anati, "Amayi, inenso ndidzayamba liti?" Anakhala nalo mumtima zaka, akuganiza kuti ndi nthawi chabe. Mwana amene akuonerera mlongo wake akudwala amadziganiziranso yekha. Mukachotsa zimenezo mwamusandutsa kanesi kakang'ono kopanda mantha akeake.

WaLabu_Zomba
Ngati chalacho chikhale, samalani ndi kuyeza kwake. Kuyeza kwakale kumene timasakaniza dontho la magazi ndi mankhwala n'kuyang'ana pa maikulosikopu ngati maselo apindika, kumangosonyeza kuti kambewu kalipo. Sikusiyanitsa AS ndi SS. Ndaonapo makolo akulira kuti mwana ali ndi matenda, pamene ndi AS chabe. Pamafunika kuyeza kosiyanitsa mitundu ya magaziwo, kaya pa makina, kaya pa tizipangizo tatsopano tofanana ndi toyezera malungo, ngakhale sitipezeka paliponse. Komanso munthu amene wangothiridwa magazi zotsatira zake zimasokonekera kwa miyezi ngati itatu, chifukwa m'thupi muli magazi a munthu wina. Zimenezo zikukhudza Yamikani, osati Tadala, koma wolemba azidziwe.

Anesi anuwo achita bwino kukana kumubaya pomwepo. Mwana sayezedwa zotere popanda kholo ndi uphungu.

Gogo_waNtcheu
Ine ndili ndi dandaulo lina, ndipo mundikhululukire. Nonse mukuyamikira kuti mwanayu wapulumutsa mlongo wake. Nanga akanapanda kuzindikira? Nanga akanadina mwamphamvu n'kumupweteka? Nkhaniyi ikawerengedwa m'sukulu, ana ena amene azibale awo anamwalira adzati kulakwa kunali kwawo, sanayang'ane chikope. Katundu ameneyu ndi wa akuluakulu. Mayi ali kumaliro, bambo ali ku Joni, azakhali sakudziwa kanthu, zonse zagwera mwana wa Sitandade 6. Ine zikundiwawa.

Namwino_Wopuma
Agogo, mwanena zolemera ndipo sindikutsutsani. Ife tinkaphunzitsa makolo kudina kapamba, mofatsa, ndi zala zogoneka osati zobaya, mwana atagona chagada. Sindinaphunzitsepo mwana mwadala. Koma ndikuuzeni zoona, pabenchi paja ana operekeza ndi amene ankayang'anitsitsa kuposa akuluakulu. Mayi amakhala atatopa, maganizo ali pa ndalama ya minibasi. Ndipo kunyumba amene amatsala ndi mwana mayi akapita kumunda ndi mtsikana yemweyo. Katunduyo ali naye kale, kaya timuphunzitse kaya tisamuphunzitse. Chimene ndingapemphe a Nabanda n'choti anesi asamuyamikire ngati ngwazi n'kuthera pomwepo. Aitane mayi ndi azakhali, awagwire manja, awaphunzitse pamimba pa Yamikani pomwepo, Tadala akuona kuti ntchitoyi yachoka pamutu pake yekha.

Gogo_waNtcheu
Zikatero ndiye bola. Komabe ndikanakonda mwanayo aonekeko akusewera fulaye ndi anzake, ngakhale ndime imodzi.

Sekani_88
Nanga mankhwala? M'nkhani yonse sindinaone mwanayo akumwa kanthu kunyumba.

MakeMphatso
Zoona. Kwathu m'mawa uliwonse zimayamba ndi mankhwala. Ali wamng'ono ankamwa penisilini kawiri pa tsiku mpaka atakwana zaka 5, foliki asidi, ndi fansida mwezi uliwonse. Kenako anamuyambitsa haidirokisiyuriya. Chiyambireni amenewa kugonekedwa kunachepa kwambiri, ngakhale sikunatheretu, ndipo amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi kuti aone ngati mlingo uli bwino. Vuto ndi pamene asowa kuchipatala, kugula n'kodula. Tadala akhoza kumawerenga mapiritsi otsala m'kapepala n'kudziwa kuti tsiku la kiliniki layandikira.

Namwino_Wopuma
Ndipo mankhwala amenewo ali ndi nkhani yokoma kwa wolemba. Khanda limabadwa ndi mtundu wa magazi wa m'mimba umene supindika, n'chifukwa chake miyezi yoyambirira mwana amaoneka wabwinobwino, mavuto n'kuyamba chapamiyezi 6 magazi aja akamachepa. Haidirokisiyuriya amachititsa thupi kupanganso ena mwa magazi a ukhanda aja. Tadala angakumbukire kuti Yamikani anabadwa wonenepa, wosalira, ndiye n'kumadabwa kuti chinasintha n'chiyani. Azakhali angagwiritse ntchito mfundo yomweyo kunena kuti mwana anabadwa bwino, wina anamuchita chipongwe.

Mphunzitsi_waChichewa
Onani tsopano, a Nabanda, mwapatsidwa katundu wodzaza ngolo: chidede, kabuku koiwalika, azakhali, nyemba, mapiritsi, fulaye. Mukaika zonse ikhala buku. Sankhani zimene Tadala angaone ndi maso kapena kumva kuseri kwa chitseko. Za ayironi ndi za masiku 120 zisiyeni kuno kugulu.

Sekani_88
Koma dzina la matendawo litchulidwe ngakhale kamodzi. Munthu akamaliza kuwerenga adziwe chokafunsa kuchipatala.

Nabanda_wakuphiri
Pamenepo ndagwirizana nanu, a Sekani. Alipeza yekha pachikuto cha kabuku, lolembedwa ndi inki yofiira, n'kulitchula movutikira monga amawerengera mawu achilendo m'kalasi. Adokotala ofotokoza sindiwaikamo. Ndime ya anesi akuphunzitsa mayi ndi azakhali ndiilemba usiku uno, ndipo fulaye wa agogo alowa. Za chala sindinaganize bwino, aphunzitsi ndi a Make Mphatso nonse mwandikoka. Amayi a Namwino, ndifunseko chimodzi ndisanalembe: kuchokera pamene Tadala wafika pakhomo la wodi mpaka magazi kuyamba kulowa, pangadutse nthawi yotani, ndipo iye angakhale akuona chiyani?

Namwino_Wopuma
Zimadalira ngati m'firiji ya kulabu muli magazi a gulu lake. Akakhalapo, ola limodzi kapena awiri, chifukwa amayamba atenga magazi a mwanayo kukayeza gulu ndi kuona ngati akugwirizana ndi a m'thumba. Akasowa, mpamene anthu amayamba kuimba mafoni. Pa nthawiyo Tadala aona anesi akusaka mtsempha pa dzanja lozizira, zomwe zimavuta, mwina kubaya kawiri katatu, kenako timachubu ta mpweya m'mphuno. Thumba likafika, anesi awiri amawerengerana mokweza dzina ndi manambala a pathumba asanalipachike. Mphindi 15 zoyambirira nesi sachoka pabedi, amayeza kutentha ndi kugunda kwa mtima, chifukwa ngati thupi likukana magaziwo zimaonekera pamenepo. Ndipo wina atumidwe kumaliro kuja kukaitana mayi, chifukwa pamafunika munthu wamkulu wovomereza.

MakeMphatso
Atumeni azakhaliwo asayine, mayi asanafike. Ndikufuna ndione dzanja lawo likugwira cholembera. Mukamaliza kulemba mutiikire pompano, ndikufuna ndikamuwerengere wamkulu wanga uja.